Katundu wapangidwa: apite ku holoselo, kusitolo kapena kwa maejenti?

Aliyense amene anayambapo kupanga katundu wogulitsa amakumbukira tsiku limene makatoni oyamba anasanjikizana mpaka kudenga. Zivindikiro zatsekedwa, mapepala amatidwa, m'nyumba monse muli fungo la mtedza wokazinga. Tsiku limenelo ndi lachimwemwe, komanso m'pamene mutu umayamba kuwawa, chifukwa ndalama zonse zimene munali nazo tsopano zasanduka mabotolo. Botolo sililipira lendi, sililipira magetsi, siligula mtedza wina. Liyenera kutuluka pakhomo, lifike m'manja mwa munthu amene alidye, ndipo ndalama yake ibwerere kwa inu.

Njira zimene katundu angatulukire zilipo zitatu. Mukhoza kugulitsa mopikulitsa ku holoselo, iwo n'kumagulitsa kwa eni magolosale ndi maokala. Mukhoza kukapereka nokha kumasitolo ogulitsa chimodzichimodzi, kuyambira golosale ya pamsika mpaka supamaketi ya m'tauni. Mukhozanso kukhala ndi maejenti anuanu, oyenda ndi katunduyo khomo ndi khomo, m'maofesi ndi m'misika, n'kumadya komishoni. Anthu ambiri posankha amangoyang'ana chinthu chimodzi: ndani akundipatsa mtengo wokwera pa botolo? Funso limenelo lagwetsa mabizinesi ambiri abwino. Funso loyenera kuyamba nalo ndi lakuti ndalama yanga ibwera liti, ndipo katundu akawonongeka kapena akapanda kugulidwa, aluze ndani?

Kuti nkhaniyi igwirike ndi manja, tiyeni titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze mayi wina wa mu Lilongwe amene amapanga chiponde cha m'mabotolo. Pamwezi amatha kupanga makatoni 200, katoni iliyonse ya mabotolo 12, kutanthauza mabotolo 2,400. Akawerengera mtedza, mchere, botolo, pepala lomata, magetsi ndi malipiro a antchito, botolo limodzi limamudyera K2,000. Mpamba wake wonse ndi K4,800,000, wongokwana kupanga katundu wa mwezi umodzi. Wogula wotsiriza amapereka K3,500 pa botolo. Mitengoyi ndi yongoyerekeza, poti ya pamsika ikusintha mwezi ndi mwezi, koma kawerengedwe kake n'kamodzimodzi kaya mukupanga sopo, uchi, mafuta ophikira kapena ufa wa phala.

Pakati pa K2,000 ndi K3,500 pali K1,500. Nkhondo yonse ya kagawidwe ka katundu ili pa ndalama imeneyi: ndani adyepo zingati, ndipo wagwira ntchito yanji kuti adye.

Wa holoselo: mtengo wotsika, ndalama pompopompo

Mukayenda mumsewu wa Malangalanga ku Lilongwe kapena m'misewu ya ku Limbe m'mamawa, muona mmene katundu wa dziko lino amayendera. Eni magolosale ochokera ku Mitundu, ku Nsundwe, ku Thyolo kapena ku Chiradzulu afika ndi kapepala kamndandanda m'thumba: bele la shuga, makatoni awiri a sopo, katoni ya machesi, mafuta, mchere. Anyamata akunyamula pamutu kupititsa kudepoti, ena akumanga pa kabaza. Kachitidwe kameneka n'kakale. M'zaka za m'ma 1970 boma la Dr. Kamuzu Banda linalamula amalonda achimwenye kuchoka m'madera a kumidzi n'kukhazikika m'matauni akuluakulu, ndipo masitolo a Chipiku ndiwo ankathandiza eni magolosale a kumidzi kupeza katundu woti akagulitse. Mpaka lero golosale ya kumudzi imadalira ulendo wokaoda.

Ntchito ya wa holoselo ndi yogula zambiri nthawi imodzi, kusunga, n'kumagawa pang'onopang'ono kwa anthu mazanamazana amene inu simungawafikire. Chifukwa cha ntchito imeneyi amafuna mtengo wotsika. Mayi wathu uja akapita ndi chiponde chake, wa holoselo anena K2,600 pa botolo, kuti iye agulitse K2,900 kwa wa golosale, wa golosale agulitse K3,500. Mayiyo achita hayala galimoto ulendo umodzi wokha, umene ukagawidwa pa mabotolo onse ukwana K50 pa botolo. Phindu lake latsala K550 pa botolo, ndipo akatenga makatoni onse 200 ndiye kuti pamwezi wapeza K1,320,000. Chachikulu n'chakuti ndalama yabwera tsiku lomwelo kapena sabata isanathe, ndipo mawa lake akhoza kukagula mtedza wina.

Koma pali chinthu chimene opanga katundu atsopano samachimvetsa msanga. Wa holoselo sakopa ogula. Iye amangopereka chimene munthu wafunsa. Wa golosale akafika ndi mndandanda wake, palibe amene amuuze kuti taonani chiponde chatsopano ichi. N'chifukwa chake funso loyamba limene mungamve mukafika ndi katundu wosadziwika limakhala lakuti, kodi anthu amazidziwa zimenezi? Mukalephera kuyankha, akuuzani kuti siyani makatoni asanu, zikayenda tikuimbirani. Apo ndiye kuti simunagulitse kanthu. Mwangosamutsa katundu wanu kuchoka m'nyumba mwanu kupita kuseri kwa matumba a mchere, kumene simungamuonenso, uku tsiku lotha ntchito lolembedwa pa botolo likuyandikira.

Choncho holoselo imayenera katundu amene anthu amamufunsa kale ndi dzina, amene sawonongeka msanga, ndipo amagulidwa kawirikawiri ndi anthu ambiri. Vuto lake lina n'lakuti simudziwa kumene katundu wanu akupita. Mukamva kuti makatoni atha, simungadziwe ngati apita ku Dedza kapena ku Dowa, ngati ogula akukondwa kapena akudandaula kuti mafuta akuyandama pamwamba. Ndipo ngati holoselo imodzi ikutenga katundu wanu yense, tsiku limene mwini wake adzanene kuti kuyambira lero ndizigula K2,400, mudzasowa kolowera.

Kusitolo: mtengo wokoma, kudikira kowawa

Masitolo ogulitsa chimodzichimodzi ali mitundu iwiri, ndipo si bwino kuwaika m'thumba limodzi. Pali masupamaketi akuluakulu a nthambi zambiri, ndiye pali magolosale ndi maokala a m'makwalala.

Supamaketi imakopa aliyense wopanga katundu. Kuona botolo lako pashelefu, pambali pa katundu wochokera ku South Africa, mtima umadzaza. Komanso mtengo wake ndi wabwino: mayi wathu akhoza kulandira K2,900, mtengo umene wa holoselo uja amagulitsira, ndiye zikuoneka ngati wawonjezera K300 pa botolo. Tisanathamange, tiyeni tiwerenge.

Poyamba pali zofunika musanalowe n'komwe. Masitolo akuluakulu amafuna katundu wovomerezedwa ndi bungwe loona za miyezo la Malawi Bureau of Standards, ndipo kwa chiponde nkhani yaikulu ndi chuku cha mtedza, chimene chimatulutsa poizoni wotchedwa afulatokisini. Amafuna pepala lomata lolembedwa bwino, losonyeza zimene zili m'katimo, kulemera kwake, tsiku lopangidwa ndi tsiku lotha ntchito, komanso timizere tija timene makina a pakauntala amawerenga. Amafunanso bizinesi yolembetsedwa, yokhala ndi nambala ya msonkho ya ku MRA ndi akaunti ya kubanki. Zonsezi ndi zabwino, ndipo wopanga zakudya aliyense ayenera kuzitsata kaya akugulitsa kuti, koma zimadya ndalama ndi nthawi botolo loyamba lisanagulidwe.

Kenaka pali zodula za mwezi ndi mwezi. Supamaketi sitenga makatoni 200 pamalo amodzi. Nthambi iyi ifuna makatoni 10, inayo 6, ina ya ku Mzuzu 8, ndipo kawirikawiri wokapereka ndinu. Tiyerekeze kuti zoyendera zakwana K120 pa botolo. Botolo likasweka, likadontha kapena likatha masiku lili pashelefu, nthawi zambiri limabwezedwa kwa mwini wake. Ngati botolo limodzi pa 20 aliwonse libwerera, ndiye kuti mwataya K145 pa botolo lililonse. Pamafunikanso munthu woyendera mashelefu kuti aone ngati katundu watulutsidwa kuchipinda chosungira, ngati sanakankhidwire kumbuyo, ngati mtengo walembedwa bwino, kuphatikizapo masiku otsitsa mtengo amene sitolo ikupemphani. Tiikepo K100. Mukachotsa zonsezi, phindu latsala K535. Mtengo unali wokwera ndi K300, koma phindu latsika ndi K15 poyerekeza ndi la ku holoselo. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Nyerere zenizeni zili pa kalipiridwe. Masitolo akuluakulu ambiri salipira tsiku lolandira katundu. Mumasiya invoisi n'kudikira masiku 30, 45, mwinanso 60. Tiyeni tione mayi wathu ngati mgwirizano uli wa masiku 60. Mwezi woyamba wapanga makatoni 200 ndi mpamba wake wonse, wapereka. Mwezi wachiwiri sitolo yaitanitsanso, chifukwa chiponde chikuyenda bwino, koma iye alibe ndalama ngakhale ya thumba limodzi la mtedza. Kuti asaime ayenera kukhala ndi mpamba wa miyezi iwiri, K9,600,000. Akakakongola K4,800,000 yotsalayo pa chiwongoladzanja, tinene cha K3 pa K100 iliyonse pamwezi, ndiye kuti akulipira K144,000 mwezi uliwonse, imene ndi K60 pa botolo. Phindu latsikanso kufika K475. Akalephera kukongola, shelefu ikhala yopanda kanthu, ndipo malo ake apatsidwa kwa wina. Umu ndi mmene bizinesi imafera katundu wake akugulidwa bwinobwino.

Kudikira kuli ndi zoopsa zina ziwiri zimene a Malawi tazionera pafupi. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Amene anali atapereka katundu pangongole mu Okutobala analandira ndalama yomwe ija inalembedwa pa invoisi, koma mabotolo, zivindikiro ndi mafuta a galimoto zinali zitakwera kale. Chachiwiri, ngakhale sitolo yaikulu imagwa. Masitolo a PTC, amene kwa zaka zambiri ankapezeka pafupifupi m'boma lililonse, anatsekedwa mu 2022 ali ndi ngongole kwa anthu ndi makampani amene ankawapatsa katundu. Wopereka katundu pangongole ndi wobwereketsa ndalama, ngakhale sakudziona choncho. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Magolosale aang'ono ndi osiyana. Ambiri amalipira pompo, ndipo mwini wake mumalankhula naye maso ndi maso. Akalawa chiponde n'kuchikonda, amachiika pafupi ndi buledi n'kumauza makasitomala ake. Vuto lake ndi kuchepa kwa oda: uyu atenga mabotolo 6, uyo katoni imodzi. Apa chofunika kuwerenga ndi ulendo. Ngati galimoto, mafuta ndi wogulitsa zikudya K60,000 patsiku, ndipo botolo lililonse logulitsidwa pa K2,900 likusiya K900 musanachotse zoyendera, ndiye kuti mabotolo 67 oyamba angolipira ulendowo. Phindu liyambira pa botolo la 68. Choncho njira imeneyi imapindula pamene magolosale ali mothithikana, monga ku Kawale, ku Area 25, ku Ndirande kapena ku Bangwe, kumene mungayendere masitolo 30 tsiku limodzi. Kuthamangitsa galimoto mtunda wa makilomita oposa 100 kukafika ku Mchinji chifukwa cha makatoni anayi ndi kuotcha ndalama.

Maejenti: phindu lalikulu, maso ambiri

Ejenti ndi munthu amene amagulitsa katundu wanu m'dzina lanu, n'kulandira komishoni pa chimene wagulitsa. Akhoza kukhala mayi wa m'gulu la banki m'khonde, mphunzitsi wogulitsa kwa anzake kusukulu, kapena mnyamata wa njinga woyenda m'misika ya pasabata. Makampani a mafoni ndiwo anationetsa mphamvu ya njira imeneyi: Airtel Money ndi Mpamba zinafika kumene kulibe banki kudzera mwa maejenti okhala m'tizikiyosiki ndi pansi pa maambulera.

Ubwino wa ejenti ndi pakamwa. Iye amatsegula botolo, n'kupaka pa kachidutswa ka buledi kapena chinangwa, n'kumupatsa munthu kuti alawe. Amafotokoza kuti mulibe shuga, kuti n'chabwino kuthira m'phala la mwana kapena kutendera ndiwo zamasamba. Amabweranso ndi mawu: akuti mchere wachuluka, akuti botolo n'lalikulu, bwanji mutapanga laling'ono la anthu a ndalama zochepa. Mawu amenewa simungawamve ku holoselo. Kwa katundu watsopano, kapena wofunika kumufotokoza kagwiritsidwe kake, palibe njira yoposa iyi.

Mawerengero akenso ndi osangalatsa. Ejenti akagulitsa K3,500 n'kutengapo K500, mayi wathu alandira K3,000. Kutumiza katundu pang'onopang'ono kwa maejenti osiyanasiyana, pa minibasi kapena pa njinga yamoto, tiike K150 pa botolo. Mafoni, zolipira potumizirana ndalama ndi munthu wowayang'anira, K100. Ndiye pali ndalama zosabwerera. Ngati pa mabotolo 20 aliwonse ndalama ya limodzi isowa, ndi K150 pa botolo. Phindu latsala K600, loposa njira zonse.

Koma onani kuchuluka kwake. Ejenti wakhama wogulitsa kwa anansi ndi anzake a kuntchito mwina angathe makatoni 5 pamwezi, mabotolo 60. Kuti makatoni 200 athe pafunika maejenti 40. Ngati mayiyo ali ndi 10 okha, agulitsa mabotolo 600 n'kupeza K360,000 pamwezi, pamene holoselo ikanamupatsa K1,320,000 pa phindu locheperapo la botolo. Ndipo kuyang'anira anthu 40 ndi ntchito payokha, yoti singatheke uku mukukazinga mtedza.

Chimene chimapha njira ya maejenti si kuba kwenikweni. Kawirikawiri ejenti amakhala munthu wabwinobwino amene wagulitsa pangongole kwa anthu a pamwezi, kapena mwana wamudwalira ndalama ya katundu ili m'chikwama, n'kunena kuti ndibweza ndikagulitsa katoni inayo. Ngongole imayamba ndi mabotolo atatu, pakutha pa miyezi itatu yafika makatoni anayi, kenaka foni siikupezeka. Ngati ejentiyo ndi mlamu wanu kapena wa kumpingo kwanu, mumangomeza mate. Zizindikiro zake zimaoneka msanga kwa amene akuyang'ana. Ejenti amayamba kutumiza ndalama zodukaduka zosagwirizana ndi mabotolo, amapempha katundu wina asanamalize kulipira woyamba, ndipo mukati mubwere mudzawerenge zotsala amapeza chifukwa.

Mankhwala ake ndi malamulo ochepa osasinthasintha. Ejenti watsopano ayambe ndi katoni imodzi, ndipo ngati n'kotheka aigule ndi ndalama yake pa mtengo wa ejenti, kuti zimene akuyenda nazo zikhale zake. Katoni yachiwiri ituluke yoyamba italipiridwa. Ndalama itumizidwe pafoni sabata iliyonse, tsiku lodziwika, osati kumapeto kwa mwezi. Aliyense akhale ndi dera lake, kuti awiri asamalimbirane kasitomala mmodzi potsitsirana mtengo. Ndipo zonse zilembedwe m'buku, mbali ziwiri zonse zisayine, ngakhale munthuyo ndi m'bale wanu. Ubale umasungika bwino pamene buku lilipo.

Mafunso anayi musanasankhe

Tikaika njira zitatuzi pamodzi, phindu la pa botolo silikusiyana kwambiri: K550, K475 kapena K535, ndi K600. Chimene chikusiyana ndi kuchuluka kwa katundu amene njirayo ingameze, masiku odikira, ndi amene akusenza chiopsezo. Choncho posankha dzifunseni zinthu zinayi.

Choyamba, kodi anthu akumufunsa kale katundu wanu ndi dzina? Ngati ayi, holoselo idikire. Yambani ndi maejenti ochepa ndi magolosale a dera limodzi. Mudzadziwa kuti nthawi yakwana eni magolosale akayamba kukuimbirani okha, kapena akayamba kufunsa katundu wanu kumene amaoda.

Chachiwiri, kodi katunduyo amakhala masiku angati asanawonongeke? Buledi, yogati ndi chambiko sizingadutse m'manja atatu, n'chifukwa chake ophika buledi amakapereka okha m'magolosale m'mawa uliwonse. Sopo, machesi ndi makandulo zikhoza kukhala miyezi m'nyumba yosungira, ndiye zimayenda bwino pa holoselo. Chiponde chili pakati: chimapirira miyezi ingapo, koma chikakhalitsa pamalo otentha mafuta amalekana ndipo fungo limasintha.

Chachitatu, kodi mpamba wanu ungapirire masiku angati osalandira kanthu? Werengani motere: zimene mumawononga popanga katundu wa tsiku limodzi, kuchulukitsa ndi masiku odikira. Mayi wathu amawononga K160,000 patsiku, ndiye masiku 60 ndi K9,600,000 ija. Ngati yankho likuposa ndalama imene muli nayo, musapereke katundu yense kumeneko, ngakhale oda ikhale yokoma chotani. Kwa opanga zinthu zochokera kumunda palinso nyengo. Mtedza umatsika mtengo nthawi yokolola, cha mu Meyi ndi Juni, ndipo umakwera mvula ikayandikira. Amene ndalama zake zili m'mainvoisi nthawi yokolola adzagula mtedza wodula chaka chonse, ndipo zimene adzataye pamenepo zikhoza kuposa K300 ija ankaithamangira.

Chachinayi, kodi muli ndi anthu ndi nthawi yoyang'anira? Holoselo ndi munthu mmodzi, invoisi imodzi. Masupamaketi ndi nthambi zingapo ndi ofesi yolipira imene muyenera kumaikumbutsa. Maejenti ndi mabuku makumi angapo.

Kusakaniza njira popanda kudziwombera

Opanga katundu ambiri amene akhazikika sagwiritsa njira imodzi yokha. Mayi wathu akhoza kugawa motere: makatoni 100 ku maholoselo awiri, kuti ndalama ya mtedza izibwera sabata iliyonse ndipo asadalire munthu mmodzi, makatoni 50 ku supamaketi, kuti dzina lizioneka ndipo ngongole ya masiku 60 isapitirire K2,400,000 ya mpamba wake, makatoni 50 kwa maejenti 10, kuti azimva zimene odya akunena ndi kutsegula madera atsopano. Phindu lake likhala K660,000 kuchokera ku holoselo, K321,000 ku supamaketi ndi K360,000 kwa maejenti, zonse pamodzi K1,341,000. N'zongoposa pang'ono zimene akanapeza ku holoselo yokha, koma tsopano palibe munthu mmodzi amene angamugwetse.

Msampha wa kusakaniza uli pa mitengo. Tiyerekeze kuti ejenti wina, pofuna kumaliza katoni msanga, wadula komishoni yake n'kumagulitsa K3,200 pakhomo pa golosale imene ikugulitsa K3,500. Mwini golosaleyo sadzaodanso. Kapena mayiyo, atapanikizika ndi ndalama ya magetsi, wagulitsa makatoni awiri kwa wa okala pa K2,600, mtengo wa holoselo. Mbiri imeneyi siichedwa kufika ku Malangalanga, ndipo wa holoselo adzafunsa chifukwa chimene iye akutengera makatoni 50 ngati wa makatoni awiri akupatsidwa mtengo womwewo. Mitengo iyenera kukhala ngati makwerero, ndipo mtengo uzitsatira kuchuluka kwa katundu, osati nkhope ya munthu: kuyambira makatoni 20 kupita m'tsogolo K2,600, katoni imodzi mpaka 19 K2,900, botolo limodzi K3,500, kaya wogulayo wabwera pakhomo panu penipeni. Lembani papepala, aliyense aone.

Pomaliza, musakhulupirire chiwerengero cha makatoni amene atuluka pakhomo panu. Katundu wagulidwa pokhapokha wadyedwa. Chizindikiro choona ndi oda yachiwiri ndi yachitatu, ndi masiku amene akudutsa pakati pake. Kamodzi pamwezi vulani epuloni, mukwere minibasi, mukalowe m'magolosale asanu amene simunapiteko. Tengani botolo lanu pashelefu, mulitembenuze, muwerenge tsiku limene linapangidwa. Ngati ndi la mwezi uno kapena watha, njira yanu ikuyenda. Ngati ndi la miyezi inayi yapitayo ndipo pachivindikiro pali fumbi, ndiye kuti penapake pakati pa inu ndi wogula katundu waima, ndipo ndi bwino mudziwe lero, mpamba ukadalipo, kusiyana n'kudzamva makatoni akubwezedwa.